Meseji yanga ya mpunga inkathawitsa makasitomala, nazi zomwe ndakhala ndikukonza mwezi uno

Lolemba, 2 Juni

Ndimagulitsa mpunga wa Kilombero pakhomo panga ku Eliya 25 kuno ku Lilongwe. Achimwene anga amagula kwa alimi ku Karonga, amakapunthitsa kuchigayo n'kunditumizira palole, ine kuno ndimapeta, kusankha timiyala, n'kupima m'majumbo a makilo 5 ndi makilo 10. Makasitomala anga pafupifupi onse ndimalumikizana nawo pa WhatsApp, ndipo kwa chaka chathunthu ndakhala ndikuwatumizira meseji imodzi onse kudzera pa Broadcast, katatu kapena kanayi pa sabata.

Chandiyambitsa kulemba izi ndi mayi ena a mzere wakumbuyo kwathu amene akhala akundigula kuyambira kale. Dzulo tikuchoka kutchalitchi ndinawaona atanyamula jumbo la mpunga logula kugolosale, ndinawafunsa kuti bwanji amayi, mpunga watsopano unafika Lachinayi, sindinakutumizireni meseji? Anandiyankha mosabisa kuti, “Asisi, mameseji anu aja ine ndinasiya kutsegula, ndikaona zilembo zazikuluzikulu zija ndimangodziwa kuti ndi zotumizira aliyense, ndimangopitirira ngati mameseji aja otsatsa ngongole.” Zinandipweteka, chifukwa mayi amenewa amandikonda ndipo mpungawo amaufuna, koma meseji yanga yomwe ndi imene inawatsekera khomo.

Nditafika kunyumba ndinaiwerenganso. Inali chonchi, ndachotsa maimoji okha amene analipo 14, amoto, amanja opemphera ndi amatumba a ndalama:

“MAKASITOMALA ATHU ONSE OKONDEDWA!!! MPUNGA WAFIKA WAFIKA WAFIKA!!! KILOMBERO WENIWENI WONUNKHIRA!!! MITENGO YOGWETSA!!! FULUMIRANI USANATHE!!! TUMIZIRANINSO ANZANU!!!”

Pansi pake ndinkaponya zithunzi zisanu. Mtengo mulibe, malo mulibe, ngakhale dzina langa mulibe. Ndaganiza zosiya kaye kutumiza chilichonse mpaka nditamvetsa chomwe chikuchitika.

Lachinayi, 5 Juni

Ndinayamba ndi kuwerengera, chifukwa ndinkangoganiza kuti anthu onse 212 amene ali pamndandanda wanga amalandira. Pa Broadcast ukadina meseji yomwe unatumiza n'kuigwira pang'ono, kenako n'kusankha Info, imakuonetsa amene yawafikira pansi pa Delivered to ndi amene atsegula pansi pa Read by. Chaka chonsechi sindinayang'anepo pamenepo.

Ndinatenga meseji ya Lachinayi lapitalo, yomwe yatha sabata, kuti aliyense amene analibe bandulo kapena foni inali yozima chifukwa cha magetsi akhale kuti anayatsapo data. Inafikira anthu 121. Anatsegula 64. Anayankha atatu, ndipo anagula awiri.

Chinandidzidzimutsa kwambiri ndi anthu 91 amene sinawafikire n'komwe. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 4 ndi amene anandifotokozera kuti meseji ya Broadcast imafika kwa munthu yekhayo amene anaseva nambala yako mufoni mwake, amene sanaseve salandira kanthu ngakhale iwe unamuseva, ndipo ukatumiza palibe chimene chimakuuza kuti sinafike, iwe umangoona ngati yapita. Tinayesa pomwepo, anafufuta nambala yanga mufoni mwake, ine n'kupanga Broadcast ya anthu awiri, iye ndi bambo ake. Kwa bambo ake inalowa, kwa iye ayi. Nde tangoganizani, nambala zambiri ndinazitola m'magulupu a kutchalitchi ndi a makolo a kusukulu, anthu oti sanandisevepo, ndipo ndakhala ndikuwalankhula chaka chathunthu iwo osamva.

Apa pali chimodzi choti musamale nacho mukamawerengera. Munthu amene anazimitsa Read receipts sadzaoneka kuti watsegula ngakhale atawerenga, nde 64 uja mwina ndi ochepera pang'ono kuposa amene anawerengadi. Komanso munthu amene sinamufikire sungadziwe msanga ngati sanakuseve, kapena anasintha nambala, kapena anakubuloka. Anayi mwa 91 aja ndikukayikira kuti anandibuloka chifukwa chithunzi chawo chinasowa ndipo meseji ya payekha imangokhala ndi katiki kamodzi, awiri mwa iwo ankagula kale. Amenewo ndi amene akundiwawa mumtima.

Loweruka, 7 Juni

Lero sindinagwire foni mpaka masana. Ndinagula kope latsopano la K1,500 ndi zolembera ziwiri, ndinatenga kope langa lakale la malonda lomwe ndimalemba amene wagula ndi angongole, ndinatsegulanso mameseji a Airtel Money ndi a Mpamba kuti ndione amene analipira ndi tsiku lake, n'kuyamba kulemba munthu mmodzimmodzi mwa 121 aja: amagula makilo angati, anagula liti komaliza, amabwera yekha kapena ndimamutumizira pakabaza, komanso ndimamuitana bwanji tikakumana. Chomalizachi ndinachiwonjezera mochedwa koma chadzakhala chofunika kuposa zonse.

Inanditengera maola anayi, koma pomaliza anthu anagawika okha popanda ine kuwakakamiza. Pali 36 amene amagula mwezi ndi mwezi malipiro akangolowa, ambiri ndi aphunzitsi, anamwino ndi a m'maofesi, amatenga makilo 5 kapena 10. Pali 9 amene amaphika zogulitsa, a malesitilanti a pamsika ndi amayi ophikira maukwati, amenewa safuna za majumbo, amafunsa thumba la makilo 50. Pali 47 ogula mwa apo ndi apo, pa Khirisimasi, pa Isitala, pa chinkhoswe kapena kukabwera alendo. Otsala 29 sanagulepo ngakhale kilo imodzi.

Nditaona zimenezi ndinamvetsa chifukwa chake meseji yanga inalibe mtengo. Ndinkaopa kuika mtengo wa jumbo poti a malesitilanti aziti ndadula, ndinkaopanso kuika wa thumba poti mphunzitsi athawa, nde ndinangochotsa zonse n'kutsala ndi kukuwa kokhakokha. Meseji yolembera magulu anayi nthawi imodzi inathera posalankhula ndi gulu lililonse.

Ndimagwiritsa WhatsApp Business, nde ndinaika anthu m'ma Labels anayi, pamafoni ena tsopano akulemba kuti Lists, ndipo ndinapanga ma Broadcast atatu osiyana. Mndandanda umodzi umalola anthu 256, ine ndinkaona ngati cholinga n'kuudzaza. A 29 aja sindinawaike pa Broadcast iliyonse, aziona pa Status akafuna.

Lachiwiri, 10 Juni

Apa ndinalakwitsa, ndipo ndilemba zonse chifukwa ndikudziwa kuti wina aganiza zomwezi.

Ndinati poti vuto ndi loti meseji ikuoneka ya aliyense, ndiipange ioneke ngati moni wamba. Meseji ya Broadcast imalowa mumacheza a munthu ngati kuti wamulembera yekha, saona anzake amene alandira, akayankha yankho limabwera kwa iwe wekha. Nde 7 koloko m'mawa ndinatumiza kwa anthu 47 ogula mwa apo ndi apo aja mawu awa okha: “Mwadzuka bwanji? Papita nthawi tisanaonane, kunyumba ali bwanji?”

Anayankha 31. Foni inalira m'mawa wonse ndipo poyamba ndinasangalala kwambiri. Koma tsopano anthu 31 akundiyankha moni ndi mtima wonse, ena akundiuza za mwana amene wadwala malungo, ena za ntchito yomwe yatha, ine ndili ndi meseji ya mpunga yokonzakonza yoti ndiphatike. Kwa khumi oyambirira ndinaphatikadi. Anayi anawerenga osayankhanso.

Mayi ena achikulire a ku Kawale anandilembera zazitali, kuti bambo a kunyumba anawasiya mwezi wa Epulo ndipo akuthokoza kuti ndawakumbukira. Ine sindinkadziwa n'komwe za malirowo. Ndinakhala pampando ndi foni m'manja kwa nthawi, manyazi atandigwira, chifukwa sindinawakumbukire, anali nambala chabe pamndandanda. Ndinawaimbira, tinalankhula mphindi 20, za mpunga sindinatchule, ndipo Lamlungu ndikupita kukawapepesa.

Madzulo ake atsikana awiri amene amagwira ntchito ofesi imodzi anaonetsana mafoni n'kupeza kuti moni ndi womwewo liwu ndi liwu, mmodzi anandilembera kuti, “Anti, bola muzingonena kuti mukugulitsa mpunga, sitikana.” Ananena zoona. Meseji yakale ija inali yaphokoso koma sinkanama, iyi inanamizira ubale kuti munthu atsegule. Tsikuli landidyera mayunitsi a K2,000 oimbira anthu ndi ntchito ya tsiku lonse, ndagulitsa jumbo limodzi.

Lachisanu, 13 Juni

Ndabwerera poyambira. Funso lomwe ndinadzifunsa ndi lakuti, munthu asanatsegule amaona chiyani? Ndinatenga foni ya mwana wanga ndi ya bambo ake, n'kumadzitumizira mameseji ndikuyang'ana pasikirini. Pamndandanda wa macheza pamaoneka dzina lomwe munthuyo anakuseva nalo ndi mzere umodzi basi, mawu mwina asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu kutengera foni ndi kukula kwa zilembo, kenako timadontho. Meseji yanga yakale pamenepo inkangooneka kuti “MAKASITOMALA ATHU ONSE OKONDE...” ndipo ndikatumiza zithunzi pambuyo pake zinkaphimba ngakhale zimenezo, pankangooneka kachizindikiro ka kamera. Ndiye kuti kamzere kokhako komwe ndinali nako ndinkakathera pouza munthu kuti sindikulankhula ndi iyeyo.

Ndinalemba kasanu ndi kamodzi pakope ndisanakhutire. Yoyamba inayamba ndi moni wautali, ndinaona kuti moniwo ukudya mzere wonse. Koma kuchotseratu moni sizingatheke, munthu wamkulu sungangomuyamba ndi mtengo ngati muli pamsika wa Tsoka. Ndinapeza kuti “Moni” kamodzi n'kokwanira, kenako nkhani. Ndinachotsa “athu” ndi “tikukudziwitsani”, chifukwa ndili ndekha, si kampani, ndipo anthuwa amandidziwa kuti ndine mayi wa geti lobiriwira. Ndinachotsanso “fulumirani usanathe” n'kuika chiwerengero chenicheni cha majumbo amene ndili nawo, ngati ndi ochepa munthu adziwerengera yekha. “Tumiziraninso anzanu” ndinachotsa msangamsanga, meseji ikatumizidwa choncho imalembedwa Forwarded pamwamba, ndipo wolandirayo amangoiika gulu limodzi ndi mauthenga aja oti tumiza kwa anthu khumi udalitsidwe.

Ya anthu 36 a mwezi ndi mwezi yatuluka chonchi:

“Moni, mpunga wa chaka chino wafika, wokolola kumene ku Karonga. Ndaphika dzulo, ukufunika madzi ocheperako kusiyana ndi wakale uja, apo ayi ukufewa kwambiri. Makilo 5 ndi K24,000, makilo 10 ndi K47,000. Ndikusungireni monga mwa nthawi zonse? Mukangoti eya ndilemba dzina pajumbo, mudzalipira malipiro akalowa.”

Mulibe dzina la munthu, chifukwa Broadcast ya pafoni siingaike dzina la aliyense payekha, onse amalandira mawu ofanana. Koma chilichonse chili mmenemo ndi choona kwa aliyense wa 36 aja: onse anadyapo mpunga wakale, onse ali ndi muyeso wawo wa nthawi zonse, onse amadikira malipiro. Ngakhale awiri ataonetsana mafoni palibe angamve kuti ndamupusitsa. Za madzi zija ndi zomwe ndikanamuuza munthu ali pakhonde panga, ndipo mpunga watsopano umaterodi, ukauthira madzi ngati wogonera umasanduka phala.

Funso ndasiya limodzi lokha, loti munthu atha kuyankha ndi liwu limodzi ali muminibasi. Chithunzi nachonso chimodzi, osati zisanu, chifukwa ambiri anazimitsa zoti zithunzi zizitsika zokha posunga bandulo, amangoona chimbuuzi ndi kamuvi. Ndajambula mpunga uli m'lichero pakhonde dzuwa la m'mawa, dzanja langa likuoneka, ndipo mawu ndaika pansi pa chithunzicho kuti zipite ngati meseji imodzi, foni ilire kamodzi. Mitengo yokha ndi yomwe ndaidetsa, umaika nyenyezi uku ndi uku:

```
*K24,000*
```

Sindinatumize. Lero ndi pa 13, anthu amenewa alibe ndalama, ndidikira.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndikudikira kutha kwa mwezi ndinabwerera kwa 91 aja amene salandira. Kope linandionetsa kuti 30 mwa iwo anagulapo. Amenewa ndinawalembera mmodzimmodzi, ndipo apa m'pamene danga lija la mmene ndimamuitanira munthu linagwira ntchito, kaya ndi amayi, asisi, achimwene, abwana, aphunzitsi, kaya mayi a ujeni potchula mwana wawo woyamba. Ndinkatchulanso chomwe anagula komaliza, mwachitsanzo:

“Aphunzitsi mwaswera bwanji, ndine mayi wa mpunga wa ku 25, munatenga makilo 10 mu Febuluwale. Mpunga ukafika ndimadziwitsa anthu kamodzi pamwezi, koma uthengawo umafika kwa okhawo amene anaseva nambala yanga. Ngati mukufuna muzidziwa, iseveni mundiuze. Ngati simukufuna palibe vuto, sindikuvutitsaninso.”

Vuto linabwera nditatopa. Nditafika pa munthu wa 12 ndinayamba kukopa ndi kuphatika n'kumangosintha mawu oyamba, nde kwa bambo ena a mpingo wathu, akuluakulu ndithu oti ndi oyang'anira limana, inapita yoyamba ndi “Asisi”. Ndinaona patatha mphindi zochepa, ndinathamangira Delete for everyone koma matiki anali atabiriwira kale, ndipo pamalopo pamatsalabe chizindikiro choti wafufuta kanthu. Ndinalemba kupepesa, iwo anangoti “Palibe kanthu mayi” koma nambala sanaseve mpaka lero. Kuchokera pamenepo mzere woyamba ndimalemba ndi zala zanga ndikuyang'ana m'kope, chophatika ndi chapakati chokha, ndipo ndimawerenga mokweza ndisanadine.

Ndinachepetsanso liwiro, anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri patsiku basi. Kutumiza mawu ofanana kwa anthu ambiri amene sanakuseve nthawi imodzi n'koopsa, chifukwa meseji yochokera ku nambala yachilendo imabwera ndi mabatani oti munthu abuloke kapena anene kuti ndi sipamu, ndipo akachuluka odina zimenezo WhatsApp imatha kutseka nambala yako. Nambala yanga ndi yomweyi yomwe anthu amalipirirapo, sindingaiseweretse. Mwa 30 aja, 19 aseva, 3 anena mwaulemu kuti ayi, ena sanayankhe ndipo sindiwalemberanso. A 61 otsala, otola m'magulupu aja, ndawachotsa onse.

Loweruka, 21 Juni

Anthu 9 ophika zogulitsa sindinawapangire meseji yolemba. Mayi wa lesitilanti nthawi ya 10 koloko manja ali m'madzi kapena ali pa mbaula, sawerenga. Ndinawatumizira voisi, aliyense yake. Yoyamba inatalika mphindi ziwiri ndi theka ndipo mayi amene ndinawatumizira anaimvera tsiku lotsatira, anandiuza kuti ataona kutalika kwake anati adzamvera akaweruka n'kuiwala. Zotsatira ndinazidula kufika masekondi 20: moni, matumba afika angati, thumba ndi zingati, ndingabweretse liti. Pansi pa voisi ndimalemba mtengo wokha m'manambala kuti asavutike kumveranso akafuna kuyerekeza ndi kwina.

Awiri anafunsa zomwe sindinaganizire, ngati mpungawu uli ndi zosweka zambiri, poti kwa iwo mpunga wosweka umamata m'poto wamkulu ndipo mbale sizituluka zambiri. Ndinawatumizira kilo imodzi imodzi kuti ayese. Zandidyera makilo awiri ndi K5,000 ya kabaza maulendo awiri. Mmodzi watenga matumba awiri, winayo wati mtengo wakwera adikira kaye.

Ndakonzanso mayankho okhazikika pa Quick replies, kuti wina akafunsa polipirira kapena njira ya kwathu ndisamalembe kuyambira pachiyambi. Ukalemba kamzere kopendekera ndi liwu lomwe unasankha, yankho lonse limatuluka:

```
/lipira
/njira
```

Izi ndi za nambala ndi njira basi. Moni ndi zokambirana ndimalemba ndekha, zomwe zinachitika pa 10 ndi pa 17 zakwana.

Lachisanu, 27 Juni

Dzulo madzulo aphunzitsi awiri anaika pa Status kuti zalowa, nde ndinadziwa kuti nthawi yakwana. Ndinatumiza lero 12:30 masana, nthawi ya nkhomaliro pamene anthu a m'maofesi agwira foni ndipo akuganiza za chakudya. Kale ndinkatumiza 5 koloko m'mawa ndikangodzuka, meseji yanga inkakwiririka pansi pa mavesi ndi moni wa m'magulupu munthu asanatsegule n'komwe maso.

Mndandanda wa mwezi ndi mwezi tsopano uli ndi anthu 44, a 36 aja kuphatikiza 8 mwa amene angoseva kumene. Pofika 8 koloko usiku inali itafikira 43, atsegula 38, ayankha 24. Mwa amenewa 19 anati eya, atatu anati mwezi uno ayi, awiri anafunsa ngati ndili ndi nyemba. Majumbo ndinalemba mayina ndi chekeni chakuda n'kuwandandalika m'chipinda, ndipo aliyense ndinamujambulira lake n'kumutumizira. Kanthu kakang'ono kameneka anthu anakakonda kuposa meseji yeniyeniyo, wina anayankha kuti “Nde langa limenelo, ndikubwera mawa.”

Sindikufuna kunama kuti mawu okha ndi amene achita zimenezi. Ndasintha zinthu zambiri nthawi imodzi, anthu ake, tsiku, ola, komanso ndinakhala chete masabata atatu ndi theka, ndiponso mpunga watsopano umayenda bwino chaka chilichonse. Anthu 44 amenewa ndi ogula kale, sangafanane ndi 212 osakaniza aja. Chomwe ndingayerekeze bwinobwino ndi ichi: ndinabwerera pa Info ya meseji yakale ija n'kuwerenga a 36 okhawo, anatsegula anali 17 ndipo anayankha awiri. Lero mwa 36 omwewo atsegula 32.

Mayi a mzere wakumbuyo aja anayankha patangotha mphindi zisanu. Analemba kuti, “Eya asisi, makilo 10. Za madzizo mwachita bwino kunena, chaka chatha ndinaphika phala alendo ali pakhomo.”

Panali chovuta chimodzi. Anthu 24 kuyankha mkati mwa maola ochepa ndi ntchito, ndipo ine nthawi ya 2 koloko ndinali pamzere kuchigayo. Anthu asanu anadikira maola atatu, mmodzi anafika polemba kuti “Muliko?” Ukamufunsa munthu funso ngati mukucheza amayembekezera kuti uli pomwepo. Mwezi wamawa ndigawa mndandandawu pawiri, ena Lachisanu ena Loweruka, ndipo tsiku lotumiza sindichoka pakhomo.

Lachinayi, 3 Julayi

Mwa 19 amene anati eya, 16 atenga ndipo alipira, awiri apempha kuti ndidikire mpaka pa 10, mmodzi wangoti zii ndipo jumbo lake lili pomwepo ndi dzina. Ndilisunga mpaka Lamlungu, ndidzamufunsa kamodzi kokha, akapanda kuyankha ndifufuta dzinalo. Apa ndaona kuti mawu oti “mudzalipira malipiro akalowa” akufunika tsiku, ulendo wina ndidzalemba kuti ndisunga masiku asanu.

Ndalama zomwe zapita pa ntchito yonseyi: kope ndi zolembera K2,300, mayunitsi K2,000, bandulo yowonjezera K3,000, kabaza K5,000, chekeni K1,200, ndi makilo awiri oyesa aja. Ndadindanso timapepala 100 pa K6,000 toika m'jumbo lililonse, tolembedwa kuti “Sevani nambala iyi kuti muzidziwa mpunga ukafika, ndimatumiza kamodzi pamwezi”, kuti vuto la osaseva lija lisayambirenso ndi makasitomala atsopano. Amene wabwera pakhomo ndimamupempha aseve ndili pomwepo, ndipo ndimamuuza alembe “Mpunga 25” kutsogolo kwa dzina langa kuti akadzafuna asavutike kusaka.

Gulu lomwe sindinalipezere njira ndi la 47 lija, lomwe ndinalilakwira pa 10. Kwa amenewa “monga mwa nthawi zonse” sizikugwira, alibe nthawi zonse, ndipo kuwatumizira mwezi uliwonse ndi kubwerera ku zakale zija. Ndalemba m'kope kuti ndiziwatumizira katatu pachaka, mpunga watsopano ukafika, sabata ziwiri Khirisimasi isanakwane, ndi Isitala. Ya mpunga watsopano ndikufuna ipite Loweruka likubwerali anthu akukonzekera tchuthi cha 6 Julayi, ndipo iyamba ndi kunena poyera kuti iyi ndatumiza kwa anthu angapo amene anandigulapo, ndi mzere womaliza woti amene sakufuna angolemba kuti “ayi” ndimuchotse. Mzere womalizawu ndaulemba katatu, ukumvekabe ngati wa kubanki, ndikufuna umveke ngati ine. Mayi a ku Kawale aja ndawachotsa pamndandanda uliwonse, amenewo ndiziwaimbira.